Pulofailo ilipo koma ganyu sakubwera: pamene pamavuta ngati mulibe ndemanga ndi imodzi yomwe

Dandaulo la anthu amene angoyamba kufuna maganyu pa misika ya ntchito ya pa intaneti, monga Upwork ndi Fiverr, limakhala lofanana. Pulofailo anailemba, chithunzi anaika, koma masabata akungopita popanda kasitomala. Ambiri amafulumira kunena kuti vuto ndi kusowa kwa ndemanga, kenaka amatsitsa mtengo kapena kuwonjezera maluso ena pa mndandanda. Zonse ziwirizi nthawi zambiri zimangoonjezera vutolo.

Kasitomala akamaona ndemanga amakhala akufuna yankho la funso limodzi: kodi ndikapereka ndalama zanga kwa munthu uyu, ntchito ibwera mmene ndikuifunira? Inu mulibe ndemanga, choncho funsolo liyenera kuyankhidwa ndi zinthu zina zimene zili m'manja mwanu kale. Zinthu zake ndi ntchito imodzi yotchulidwa momveka, chitsanzo chimene munthu angachione ndi maso, ndiponso gawo loyamba laling'ono limene kasitomala sangaope kuliyesa.

## Musanasinthe kalikonse, onani pamene njira ikudukira

Kasitomala amadutsa masitepe anayi. Amakuonani pa mndandanda, amatsegula pulofailo, amakulemberani, kenaka amakupatsani ntchito. Pa Fiverr ntchito iliyonse imene mwaika pa msika kuti anthu aigule imatchedwa Gig, ndipo pa Gig iliyonse pamaoneka ziwerengero za Impressions, Clicks ndi Orders, kutanthauza maulendo amene yaonekera, amene yatsegulidwa ndi amene yagulidwa. Pa Upwork, tsamba la ziwerengero zanu limasonyeza makalata ofunsira ntchito amene munatumiza, amene anatsegulidwa, ndi amene anafika pokambirana. Pezani sitepe yoyamba pamene chiwerengero chikugwa, ndipo yambirani pomwepo. Kukonza mawu a m'kati mwa pulofailo imene palibe akuitsegula n'kutaya nthawi.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo chisiyeni kwa sabata imodzi kapena awiri. Mukasintha mutu, chithunzi ndi mtengo tsiku limodzi, simudzadziwa chimene chathandiza.

## Chizindikiro choyamba: palibe amene akukuonani

Mutu wanu ndi wotambalala kwambiri. Ichi ndicho chimachitika kawirikawiri. Mutu wonena kuti ndinu wolemba, wojambula, womasulira komanso wothandiza pa za muofesi umakuikani pa mpikisano ndi anthu ochuluka m'magulu anayi, ndipo m'gulu lililonse muli kumapeto.

- Poyesa: lembani m'bokosi lofufuzira mawu amene kasitomala wanu angalembe, muone mitu ya anthu amene akutuluka patsamba loyamba. Kodi mawuwo alipo m'mutu wanu?
- Pokonza: werengani zolengeza ntchito khumi za mtundu umene mukufuna, mulembe mawu amene akubwerezabwereza. Mawu a makasitomalawo ndi amene alowe m'mutu wanu, m'malo mwa amene inu mumadzitchulira.

Gulu la ntchito kapena maluso osankhidwa sakugwirizana ndi mutu. Pa Fiverr mumaloledwa mawu ofufuzira asanu pa Gig iliyonse. Onse asanu akhale okhudza ntchito yomweyo. Pa Upwork chotsani maluso amene mulibe chitsanzo chake, ngakhale mumawadziwa.

Mukungodikira. Misika iwiriyi siyenda mofanana. Pa Fiverr wogula ndiye amakupezani, koma pa Upwork munthu watsopano amapeza ntchito yoyamba makamaka potumiza yekha makalata. Ngati muli pa Upwork ndipo simunatumize, kuchepa kwa oona pulofailo sikukuuzani kalikonse.

Pulofailo yabisika kapena sinamalizidwe. Onani ngati kaonekedwe kake sikali pa Private, ngati Gig siili pa Paused, ndiponso ngati palibe uthenga wokupemphani kutsimikizira kuti ndinu ndani. Izi sizichitika kawirikawiri, koma kuziona kumatenga mphindi imodzi.

## Chizindikiro chachiwiri: akutsegula pulofailo koma sakulemba

Apa ndi pamene pali ntchito yaikulu, ndipo ndi pamene kusowa kwa ndemanga kumapweteka kwenikweni.

Mizere yoyamba ikunena za inu. Pa mndandanda wa zofufuza pamaoneka mizere iwiri kapena itatu yokha ya mawu anu odzifotokoza, yotsalayo imabisika mpaka munthu atadina. Mizereyo ikathera pa moni, dzina lanu ndi mawu oti ndinu wakhama ndi wodalirika, kasitomala sanaphunzirepo kanthu. Aliyense amalemba kuti ndi wakhama. Chiganizo choyamba chitchule vuto la kasitomala ndi chimene adzalandire kwa inu. Musalembe kuti ndinu watsopano kapena kupempha kuti akupatseni mwayi. Si bodza kusatchula zimenezi, pakuti pulofailo ikuonetsa kale kuti mulibe ndemanga, ndipo kuchonderera kumamuuza kasitomala kuti iye ndiye akuthandizeni, pamene anabwera kudzathandizidwa.

Palibe chitsanzo, kapena zitsanzo sizikugwirizana ndi mutu. Anthu ambiri amaganiza kuti chitsanzo chiyenera kuchokera kwa kasitomala wolipira. Si choncho. Mungathe kudzipatsa nokha ntchito yofanana ndi imene mukufuna kulembedwa, n'kuichita bwino, n'kulemba poyera kuti ndi chitsanzo chodzipangira. Zitsanzo zitatu za ntchito imodzi zimalemera kuposa khumi za ntchito zosiyanasiyana. Chilichonse chikhale ndi mawu ochepa ofotokoza mmene zinthu zinalili, chimene munachita ndi mmene zinathera.

Umboni wa kunja simunaugwiritse ntchito. Ngati munagwirapo ntchitoyi kwina, pa kampani kapena kwa munthu payekha, Upwork ili ndi njira yopempha umboni wolembedwa kwa makasitomala amene munawagwirira kunja kwa msikawo. Umboniwo suwerengedwa ngati nyenyezi zimene makasitomala a pa msikawo amapereka pamodzi ndi ndemanga, koma umaoneka pa pulofailo. Pemphani okhawo amene munawagwiriradi ntchito.

Chithunzi chikukayikitsa. Pa pulofailo pakhale nkhope yanu yeniyeni, yowala bwino, muli nokha, kumbuyo kopanda zosokoneza. Pa Gig, chithunzi choyamba chisonyeze ntchitoyo, ndipo mawu ake akhale ochepa oti awerengeke pa foni.

Mtengo uli kutali ndi wa anzanu. Ndauika kumapeto mwadala. Mtengo wotsika kwambiri umachititsa kasitomala wabwino kukayika, ndipo umakopa amene amafuna zambiri pa ndalama yochepa, omwenso savuta kupereka ndemanga yoipa. Onani mitengo ya anthu a ndemanga zochepa pa ntchito yomweyo, mukhale pafupi nawo. Kumbukiraninso kuti msika umadula gawo lake. Fiverr imatenga 20 peresenti ya ndalama za oda iliyonse.

### Chitsanzo chokonzedwa kuyambira pachiyambi

Tiyerekeze munthu amene wakhala akugwira ntchito muofesi ndipo amadziwa bwino Excel. Mutu wake woyamba unali wakuti amathandiza pa za muofesi, kulowetsa deta, kulemba ndi kufufuza pa intaneti. Mawu ake ankayamba ndi moni ndi zaka zimene wagwira ntchito. Anthu ochepa ankatsegula pulofailo, koma palibe ankalemba.

Atawerenga zolengeza ntchito, anaona kuti eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri akudandaula chinthu chimodzi: mndandanda wa makasitomala awo ndi wosokonekera, mayina akubwerezedwa, madeti alembedwa mosiyanasiyana, ndipo fayilo ikukanidwa akafuna kuilowetsa mu pulogalamu ina. Anasankha ntchito imeneyi yokha. Mutu watsopano unakhala wakuti amayeretsa mindandanda ya makasitomala mu Excel ndi Google Sheets. Mawu otsegulira anawalemba motere, m'chinenero cha makasitomala ake: "Ngati mndandanda wa makasitomala anu uli ndi mayina obwerezedwa ndi madeti osokonekera, ndimauyeretsa n'kukubwezerani fayilo yokonzeka kulowetsa mu pulogalamu yanu, pamodzi ndi tsamba losonyeza chilichonse chimene ndasintha."

Taonani mbali yomalizayo. Mantha a mwini mndandanda ndi akuti munthu wosamudziwa angafufute mayina ofunika. Tsamba losonyeza zosinthidwa likuyankha mantha amenewo iye asanawatchule, ndipo ndi ntchito yomweyo imene ndemanga zikanagwira.

Pa chitsanzo, anapanga fayilo ya mizere 500 ya mayina opeka, n'kuisokoneza dala ndi mipata yosafunika, zilembo zazikulu ndi zazing'ono zosakanikirana, madeti a mitundu itatu ndi mizere 40 yobwerezedwa. Anaiyeretsa, mwa zina pogwiritsa ntchito fomula iyi pa mayina:

```
=PROPER(TRIM(A2))
```

Asanagwiritse ntchito Remove Duplicates, chida cha mu Excel chofufuta mizere yobwerezedwa, anayamba wakopera mizere yobwerezedwayo pa tsamba lapadera kuti mwini wake athe kuiona. Pa pulofailo anaika zithunzi zitatu: fayilo isanakonzedwe, itakonzedwa, ndi tsamba la zosinthidwa, pansi pake n'kulemba kuti mayinawo ndi opeka. Anaonjezera zitsanzo zina ziwiri za mtundu womwewo, china cha mndandanda wa katundu, china cha kuphatikiza mafayilo atatu kukhala imodzi.

Pomaliza anatchula malire a gawo loyamba: mizere 200 yoyambirira, m'tsiku limodzi, kukonzanso kamodzi. Kasitomala akakhutira, ntchito yotsala ipitirire. Munthuyu akadali wopanda ndemanga, koma wotsegula pulofailo yake tsopano akudziwa chimene agule, wachiona, ndipo akhoza kuyesa ndi ndalama yochepa. Maluso ena aja sanatayike. Adzawabwezera akapeza ndemanga zingapo.

## Chizindikiro chachitatu: makalata akupita koma palibe yankho

Pa Upwork kalata iliyonse imadya ma Connects, mapointi otumizira makalata, amene akatha mumagula ena. Choncho kutumiza mwachisawawa kumawononga ndalama.

Mukusankha ntchito zosayenera munthu watsopano. Musanalembe, onani zimene zili pambali pa cholengezacho.

- Chiwerengero cha ofunsira. Ngati chafika pa 20 to 50 kapena 50+, mwayi woti kalata yanu iwerengedwe ndi wochepa.
- Mawu akuti Payment method verified, osonyeza kuti njira yolipirira ya kasitomala yatsimikizidwa. Ngati palibe, samalani.
- Mbiri ya kasitomala: kodi amalembadi anthu, kapena amangolengeza? Werenganinso ndemanga zimene iye amapereka kwa amene anamugwirira ntchito. Amene amadandaula za aliyense adzadandaulanso za inu.
- Kukula kwa ntchito. Yaing'ono, yofotokozedwa bwino, yotha m'masiku ochepa ndiyo yoyenera kuyambira.

Mukufika mochedwa. Cholengeza cha masiku angapo chimene kasitomala wayamba kale kukambirana ndi anthu ena chisiyeni. Sungani mawu ofufuzira a ntchito yanu, muziona zatsopano kawiri kapena katatu pa tsiku.

Kalata ikuyamba ngati ya aliyense. Kasitomala amaona mizere yoyamba yokha ya kalata iliyonse asanasankhe yoti atsegule. Ngati makalata anu sakutsegulidwa n'komwe, vuto lili pa mizere imeneyo, mutu wanu kapena chithunzi. Yambani ndi chinthu chimene chili m'cholengeza chakecho. Munthu wa Excel uja, poyankha kasitomala wonena kuti fayilo yake ikukanidwa, angayambe ndi kunena kuti kawirikawiri zimenezi zimachitika chifukwa cha madeti olembedwa mosiyana kapena mipata yobisika, n'kufunsa dzina la pulogalamu imene ikukanayo. Funso limodzi lanzeru limasonyeza luso kuposa ndime yonse yodzitama. Kenaka atchule chitsanzo chimodzi chofanana, nthawi imene atenge, ndi gawo loyamba laling'ono. Kalata yotere imakwana m'ndime ziwiri kapena zitatu zazifupi.

Simunatsatire malangizo. Makasitomala ena amaika mafunso owonjezera, ena amabisa pakati pa cholengeza mawu oti muyambe nawo kalata, pofuna kuona amene wawerenga. Yankhani funso lililonse palokha, osalemba kuti yankho lili m'kalata.

## Chizindikiro chachinayi: mumakambirana, kenaka zii

- Munachedwa kuyankha. Kasitomala amalembera anthu angapo nthawi imodzi. Yatsani zidziwitso pa foni, ndipo ngati simungayankhe mokwanira, nenani ola limene muyankhe. Ngati nthawi yanu ndi yake zikusiyana, tchulani pa pulofailo maola amene mumapezeka.
- Simunanene momveka chimene mupereke. Musanatchule mtengo, lembani m'mizere itatu chimene adzalandire, tsiku lake, ndi kuchuluka kwa maulendo okonzanso.
- Gawo loyamba ndi lalikulu. Pa ntchito ya mtengo wokhazikika pa Upwork, igaweni m'ma milestone, loyamba likhale laling'ono. Pa Fiverr, paketi ya Basic, yotsika mtengo kwambiri pa Gig yanu, ikhale gawo loyamba laling'onolo.
- Munavomera chilichonse. Munthu wonena kuti angathe zonse amakayikitsa. Ngati mbali ina simuidziwa, nenani, ndipo tchulani mbali imene mungaichite bwino.

Mukakumbutsa kamodzi patapita masiku awiri kapena atatu ndipo sanayankhe, musiyeni.

## Chizindikiro chachisanu: amene akulemba ndi okayikitsa okhaokha

Akaunti zatsopano zimakopa akathyali, chifukwa amadziwa kuti mwini wake ali ndi njala ya ntchito yoyamba. Lekani kukambirana mukaona chimodzi mwa izi:

- Akufuna kuti mupite ku Telegram kapena WhatsApp mgwirizano usanayambe, kapena kuti akulipireni kunja kwa msikawo. Kulandira malipiro kunja n'kuphwanya malamulo a misika yonse iwiri, ndipo mukaberedwa simutetezedwa.
- Akufuna kuti mulipire kaye ndalama ya kulembetsa, ya maphunziro kapena ya zipangizo.
- Watumiza ulalo woti mulowetsemo nambala ya khadi lanu la kubanki kuti "mulandire malipiro", kapena akudzitcha wogwira ntchito pa msikawo.
- Akupempha kubwereka kapena kuchita lendi akaunti yanu.
- Akufuna ntchito yoyesera yaulere. Zitsanzo zanu zilipo kale. Ngati akufuna kuyesa, alipire gawo laling'ono.

Musayambe ntchito ya mtengo wokhazikika musanaone kuti ndalama za milestone yasungidwa kale ndi msika, kapena kuti oda ikuonekadi pa akaunti yanu ya Fiverr. Chithunzi cha risiti chimene kasitomala watumiza si umboni. Pa ntchito ya pa ola pa Upwork, chitetezo cha malipiro chimadalira kulemba nthawi kudzera pa pulogalamu yawo ya pa kompyuta. Maola olembedwa pamanja satetezedwa.

Palinso njira yachidule imene ena angakulangizeni, yogula ndemanga, kusinthana ndemanga ndi mnzanu, kapena kutsegula akaunti yachiwiri yodzigulira nokha. Musayese. Misika imatseka akaunti chifukwa cha zimenezi, ndipo akaunti yotsekedwa m'dzina lanu lenileni siibwerera mosavuta.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: ntchito yatha koma ndemanga palibe

Pa Upwork ndemanga imaperekedwa mgwirizano ukatsekedwa, ndipo mbali zonse ziwiri zimakhala ndi masiku 14 oti zilembe. Kawirikawiri vuto limangokhala lakuti mgwirizano ukadali wotsegula. Mukapereka ntchito, funsani kaye ngati pali chofunika kukonza. Akanena kuti wakhutira, m'pempheni atseke mgwirizano ndi kulemba maganizo ake mmene akuonera. Musatchule chiwerengero cha nyenyezi, ndipo musalonjeze kuchotsera mtengo posinthana ndi ndemanga yabwino.

Ndemanga yoyamba imalemera kwambiri chifukwa palibe zina zoichepetsa mphamvu ikakhala yoipa. N'chifukwa chake ndi bwino kukana ntchito imene mukukayika ngati muitha, ngakhale mutadikira nthawi yaitali bwanji.

## Pamene muyenera kuima n'kufuna thandizo

- Akaunti yaimitsidwa, kapena chiphaso chanu chakanidwa. Lemberani ofesi yothandiza ya msikawo kudzera pa tsamba lawo lenileni. Musatsegule akaunti ina, ndipo musalipire aliyense wolonjeza kuti akutsegulirani.
- Munadina ulalo wokayikitsa kapena munapereka nambala za khadi. Imbirani banki yanu nthawi yomweyo kuti atseke khadilo, sinthani mawu achinsinsi, yatsani chitetezo cha masitepe awiri, kenaka nenani za akauntiyo kwa eni msika.
- Kasitomala akukana kulipira kapena akukuopsezani ndi ndemanga yoipa. Lekani kukangana naye. Sungani mauthenga onse m'kati mwa msika, mutsegule dandaulo kudzera mu njira yawo yothetsera mikangano mwamsanga, popeza njirazi zimakhala ndi malire a nthawi.
- Mukufuna kuika pa pulofailo ntchito imene munachitira abwana akale, kapena mwapatsidwa mgwirizano wosunga chinsinsi umene simukuumvetsa. Pezani chilolezo cholembedwa, ndipo ngati mgwirizanowo ukutchula chilango cha ndalama kapena umwini wa ntchito zanu zina, uonetseni kwa loya musanasaine. Mafayilo okhala ndi mayina enieni a anthu asalowe m'zitsanzo ngakhale pang'ono.
- Fomu ya msonkho ikukusokonezani, kapena ndalama zayamba kulowa mokhazikika. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani akauntanti kapena ofesi ya msonkho ya kumene mukukhala m'malo mongolingalira.
- Mukulemba pulofailo m'chinenero chimene simuchidziwa bwino. Pezani mkonzi wodziwa chinenerocho awerenge mutu ndi ndime yoyamba. Musamulole akusandutseni munthu wina, chifukwa kasitomala akadzakulemberani adzaona kusiyana kwa pulofailo ndi mauthenga anu.

Ngati mwakonza zonsezi, mwatumiza makalata osankhidwa bwino kwa masabata angapo, akutsegulidwa koma palibe akuyankha, pezani munthu amene amagwira kapena kulemba anthu ntchito ya mtundu wanu. Mupatseni zitsanzo zanu zitatu pamodzi ndi za munthu wina amene akupeza makasitomala pa ntchito yomweyo, musamuuze kuti zanu ndi ziti, mum'funse amene angamulembe ndi chifukwa chake. Akasankha za winayo, siyani kaye pulofailo, mubwerere ku chitsanzo chimene wachiloza n'kuchichitanso.